Lipoti likabwerera ndi mawu akuti "kuno zikuyenda bwino": momwe mungalembere vuto la pulogalamu kuti oipanga alione okha

Vutoli limabwerezabwereza m'maofesi ambiri amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yopangidwa ndi anthu okhala kutali. Kalaliki wa ku Salima amaona cholakwika, n'kutumiza uthenga kwa akatswiri amene ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre wakuti "pulogalamu yanu ikuwerengera molakwika, tithandizeni msanga". Pakatha masiku awiri yankho limabwera lakuti ayesa ndipo zonse zikuyenda bwino. Ngati ali ndi tsamba lolemberapo madandaulo, lipotilo limatsekedwa ndi mawu akuti Cannot reproduce, kutanthauza kuti alephera kulichititsa vutolo kuti lionekenso. Sabata yotsatira cholakwika chomwe chija chimabweranso, ndipo mbali ziwirizi zimayamba kukayikirana.

Kawirikawiri palibe amene akunama. Katswiri sakonza chinthu chimene sanachione chikulakwika pamaso pake, ndipo akamayesa amayesa mwa chizolowezi chake. Amalemba nambala momwe iye amalembera, pa foni yake, pa intaneti ya mu ofesi yomwe siduka. Ntchito ya lipoti ndi kumugwira dzanja munthu amene sanaonepo foni yanu n'kumuyendetsa njira yomwe inu munadutsa, mpaka agwere m'dzenje lomwelo. Zigawo zitatu zimene mafomu ambiri amafunsa, Steps to reproduce, Expected result ndi Actual result, zilipo chifukwa cha ntchito imeneyi: zimene munachita, zimene zimayenera kuoneka, ndi zimene zinaoneka.

Titsatire nkhani imodzi kuyambira pa dandaulo mpaka pa lipoti. Tiyerekeze gulu la alimi a mpunga kufupi ndi Lifuwu, limene limagula mpunga wosapuntha kwa mamembala ake nyengo yokolola. Pa sikelo pamakhala makalaliki awiri, aliyense ndi foni yake ya Android. Mlimi akabweretsa matumba, kalaliki amatsegula New Purchase, n'kulemba kulemera pa Weight (kg) ndi mtengo pa Price per kg, pulogalamu n'kuonetsa ndalama zonse pa Total. Mitengo ili m'munsimu ndi yongofotokozera. Tsiku lina mlimi wabweretsa matumba 5 a makilo 50, onse pamodzi makilo 250, pa mtengo wa K1,200 kilo imodzi. Lisiti likutuluka ndi K250. Mlimi akudziwa bwino kuti ndalama zake ndi K300,000, mzere ukukula kumbuyo, ndipo kalaliki akumulembera lisiti la pamanja n'kupitiriza. Madzulo uthenga ukupita kwa akatswiri wakuti "foni ya kalaliki mmodzi ikukopera makilo n'kuwaika pa ndalama, mwina foniyo yatha".

Uthenga umenewu uli ndi zolakwika ziwiri zimene zimapha malipoti ambiri. Choyamba, ukunena zimene wolembayo akuganiza m'malo mwa zimene anaona. Iye anaona 250 pa makilo ndi 250 pa ndalama, n'kuganiza kuti nambala yakoperedwa. Katswiri akawerenga zimenezo amakafufuza malo amene makilo angalowe m'bokosi la ndalama, sapezapo kanthu, ndipo tsiku limatha. Chachiwiri, uthengawo sukutchula chimene chinalembedwa m'bokosi la mtengo, chilembo ndi chilembo. Pamenepo m'pamene pagona nkhani yonse.

Musanalembe, lichititseni vutolo nokha

Musatumize lipoti musanayese kubwereza cholakwikacho kawiri kapena katatu. Koma musayesere pa dzina la mlimi weniweni, chifukwa lisiti lililonse limene mwasunga limalowa m'mabuku a gulu ndipo lingasokoneze malipiro. Funsani ngati pali akaunti yoyesera. Ngati palibe, gwirizanani ndi msungichuma kuti mulembetse dzina limodzi lodziwika kuti n'loyesera, ndipo mulembe manambala a malisiti onse oyeserawo kuti adzachotsedwe. M'nkhani yathuyi n'zosavuta, chifukwa Total imaoneka musanadine Save, ndiye mukhoza kuyesa kambirimbiri osasunga kanthu.

Lamulo la kuyesa ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha foni, munthu ndi mtengo nthawi imodzi, zinthu n'kuyenda bwino, simudziwa chimene chakonza. Poti anthu akuloza chala foni, yambani ndi foniyo. Makalaliki asinthane mafoni, aliyense alembe makilo 250 ndi mtengo womwe uja mmene amalembera masiku onse, wina asamuuze chochita. Ngati vuto latsalira pa foni ija, ndiye kuti nkhani ndi foni kapena veshoni ya pulogalamu imene ili m'menemo, kutanthauza nambala imene imasintha pulogalamu ikamakonzedwanso. Ngati vuto lamutsatira munthu kupita pa foni inayo, ndiye kuti pali chimene iye amachita mosiyana ndi mnzake. M'nkhani yathu vuto likumutsatira kalaliki. Apa imani pambuyo pake muyang'ane zala zake, musamufunse kuti afotokoze, chifukwa munthu satchula zimene anazolowera. Mudzaona kuti iye amalemba 1,200 ndi mpatuliro, kachizindikiro kokhala ndi mchira kaja, monga timalembera ndalama pa pepala, pamene mnzake amangolemba 1200.

Musathamangire kulemba, chifukwa simunatsimikize. Ganizo loti makilo akukoperedwa likadali ndi moyo, popeza 250 ndi 250 akufananabe. Sinthani mtengo wokha, makilo akhale omwewo. Lembani 2,400. Ngati pulogalamu ikukopera makilo, Total ionetsanso 250. Ikaonetsa 500, ndiye kuti ikuchulukitsa 250 ndi 2, kutanthauza kuti yawerenga nambala yoyamba yokha n'kuima pa mpatuliro. Yesaninso 12,500, ndipo mukaona 3,000 mwatsimikiza, chifukwa 250 kuchulukitsa ndi 12 ndi 3,000. Pomaliza lembani 950, mtengo wosafuna mpatuliro, muone kuti ikupereka 237,500 yolondola. Kuyesa konseku sikutenga mphindi 10, koma kwafotokozanso chifukwa chake vutoli silinkaoneka pamene mitengo inali yosafika K1,000: panalibe amene ankalemba mpatuliro.

Chimene chimachitika m'katimo n'chodziwika bwino kwa akatswiri. Zimene mwalemba m'bokosi zimafika ku pulogalamu ngati zilembo, ndipo pulogalamuyo imayenera kuzisandutsa nambala. M'chilankhulo cha JavaScript, chimene mapulogalamu ambiri a pa foni ndi a pa intaneti amalembedwamo, njira imodzi yochitira zimenezi imawerenga kuchokera kumanzere n'kuima ikakumana ndi chizindikiro chimene sichili mbali ya nambala, osadandaula chilichonse:

```
parseFloat("1200")    // 1200
parseFloat("1,200")   // 1
parseFloat("12,500")  // 12
```

Simukuyenera kulemba zimenezi m'lipoti lanu, ndipo mwina pulogalamu yanu inalembedwa m'chilankhulo china. Taziika pano kuti muone chifukwa chake nambala yeniyeni imene inaoneka ili yofunika kuposa mawu akuti "yolakwika". Total ikanaonetsa 300 m'malo mwa 250, nkhani ikanakhala ina. Pamenepo pulogalamu ikanakhala kuti yawerenga 1,200 ngati 1.2, chifukwa m'zilankhulo zina, monga Chipwitikizi cha kwa anansi athu a ku Mozambique, mpatuliro ndi umene umagwira ntchito ya kadontho kolekanitsa nambala ndi tizigawo take. Zikatero katswiri amakayang'ana chilankhulo chimene foniyo inaikidwa. Ndiye 250 ndi 300 zonse n'zolakwika, koma zikuloza malo awiri osiyana, ndipo mawu oti "ikuwerengera molakwika" amakwirira zonse ziwiri.

Lipoti lenilenilo

Nali lipoti la nkhaniyi momwe liyenera kuonekera. Mayina a mabatani ndi mabokosi alembedwa monga momwe akuonekera pa sikirini, osawamasulira, chifukwa katswiri amawafufuza m'pulogalamu ndi zilembo zomwezo.

Mutu: Pa New Purchase, Total imalakwika mtengo ukalembedwa ndi mpatuliro, 1,200 imawerengedwa ngati 1

Pomwe zachitikira: pulogalamu veshoni 2.4.1, pa mafoni awiri, Tecno Spark 10 ya Android 13 ndi Samsung Galaxy A04 ya Android 12, chilankhulo cha mafoni onse English (United Kingdom), akaunti ya kalaliki. Zimachitika intaneti ilipo ngakhalenso palibe.

Zochita:
1. Lowani ndi akaunti ya kalaliki, mutsegule New Purchase.
2. Sankhani mlimi aliyense.
3. Pa Weight (kg) lembani 250
4. Pa Price per kg lembani 1,200 ndi mpatuliro pakati pa 1 ndi 2, popanda mpata.
5. Yang'anani pa Total musanadine Save.

Zoyembekezeka: Total ionetse 300,000, kapena pulogalamu ikane mpatuliro n'kuchenjeza kuti mtengo walembedwa molakwika.

Zochitika: Total ikuonetsa 250. Palibe chenjezo lililonse. Mukadina Save, lisiti limasungidwa ndi K250.

Kuchuluka kwake: nthawi 10 mwa 10 pa foni iliyonse. Ndi makilo 250 omwewo, 2,400 imapereka 500, ndipo 12,500 imapereka 3,000. Mukalemba 1200 kapena 950 popanda mpatuliro, Total imalondola.

Kukula kwa vuto: malisiti 7 mwa 46 a sabata ino ali ndi ndalama zochepa kuposa zoyenera, manambala ake taika m'munsi. Pakali pano makalaliki tawauza kuti asalembe mpatuliro.

Ganizo lathu: zikuoneka ngati nambala ikudulidwa pa mpatuliro.

Lipoti limeneli katswiri akhoza kuliyesa m'mphindi imodzi. Tione chifukwa chake zigawo zina zalembedwa motero, makamaka zitatu zapakatizo.

Zochita ziyambe pamalo amene aliyense angayambirepo, monga kulowa mu akaunti, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi chochita chimodzi. Mawu ngati "lembani zonse monga mwa masiku onse" ndi amene amataya lipoti, chifukwa masiku onse a inu si a katswiri. Chilichonse chimene chalembedwa m'bokosi chiperekedwe momwe chilili. Taonani kuti pa mzere wa 3 sitinaike mpumiro pambuyo pa 250, kuopa kuti wina angaganize kuti ndi mbali ya nambalayo, ndipo pa mzere wa 4 tatchula mpatuliro ndi mawu, chifukwa diso limaudumpha. Chotsaninso zochita zosafunika. Ngati munayamba mwaona malipoti a dzulo musanatsegule New Purchase, yesani osatero. Vuto likaonekabe, mzere umenewo uchoke. Likasowa, mwapeza chinthu chamtengo wapatali ndipo mzerewo ukhale. Mukamaliza, perekani pepalalo kwa mnzanu amene sanaone vutolo kuti atsatire popanda inu kulankhula. Pamene waima n'kufunsa kuti "ndidine pati", pamenepo pasowa mzere.

Zoyembekezeka ndi gawo limene anthu ambiri amalidumpha poganiza kuti n'zodziwikiratu. Sizodziwikiratu. Katswiri wa mumzinda mwina sanaimepo pa sikelo, ndipo sadziwa ngati gulu lanu limachotsa kulemera kwa thumba lopanda kanthu, kapena ngati limadula ndalama ya umembala lisanalipire. Mukalemba kuti "ionetse ndalama zolondola" mwamusiyira kuti alote. Lembani nambala, ndipo ngati kuwerengera kwake kuli ndi malamulo a gulu, onetsani masamu ake. Gawoli limathandizanso kusiyanitsa cholakwika ndi pempho. Ngati pulogalamu ikuchita zimene inapangidwira koma inu mukufuna ichite zina, limenelo ndi pempho la chinthu chatsopano, ndipo limadutsa njira ina. M'lipoti lathu tapereka njira ziwiri zovomerezeka, kulandira mpatuliro kapena kuukana poyera, chifukwa zonse ziwiri zimateteza mlimi. Chosavomerezeka ndi kulandira mwakachetechete n'kusunga ndalama yolakwika.

Zochitika zikhale zimene maso anaona basi. Mawu akuti "yakana", "yafa" kapena "sikugwira" amatanthauza zinthu zosachepera zinayi: pulogalamu yatsekeka yokha n'kukubwezerani pa sikirini yoyamba ya foni, yauma osayankha mukaidina, ikungozungulira kachizindikiro kodikira osatha, kapena yaonetsa uthenga. Chilichonse mwa izi chili ndi gwero lake. Ngati pali uthenga, ukopereni wonse ndi manambala ake omwe, ngakhale uli m'Chingerezi chovuta. Uthenga wokhala ndi 500 umaloza kuti seva, kompyuta yakutali imene imalandira ndi kusunga zimene mafoni atumiza, yalephera yokha, wokhala ndi 401 kapena 403 umaloza nkhani ya kulowa mu akaunti kapena chilolezo, pamene mawu akuti timeout amanena kuti yankho silinabwere m'nthawi yake. Nenaninso chimene sichinachitike ngati chili chofunika, monga tachitira ponena kuti panalibe chenjezo. Maganizo anu ndi olandiridwa, koma akhale pamzere wawo kumapeto, olembedwa kuti ndi ganizo, kuti asasakanikirane ndi umboni.

Za veshoni musalembe kuti "yatsopano", chifukwa pofika tsiku limene lipoti liwerengedwe mwina kwatuluka ina. Nambala ya veshoni imapezeka mu Settings, pa Apps, mukadina dzina la pulogalamuyo n'kutsikira pansi. Ya Android imapezeka pa About phone, ndipo pa mafoni a Samsung ili m'kati mwa Software information. Ngati vuto layamba pulogalamu itangosinthidwa, nenani veshoni yomaliza imene inkayenda bwino, chifukwa zimenezo zimachepetsa kwambiri malo ofufuza.

Vuto likamabwera n'kumapita

Nkhani ya mpatuliro ndi yofatsa chifukwa imachitika nthawi zonse. Zovuta ndi zija zimaoneka lero n'kusowa mawa, ndipo m'madera a m'mbali mwa nyanja, kumene netiweki imagwira n'kumaduka, chofala ndi lisiti limodzi kuoneka kawiri mu ofesi. Pali njira ziwiri zimene zimabweretsa zimenezi. Ina ndi yakuti foni ikuchedwa, kalaliki n'kudina Save kawiri. Inayo ndi yakuti foni yatumiza lisiti, seva yalandira n'kusunga, koma yankho lake lakuti "ndalandira" latayika panjira netiweki itaduka. Foni imaganiza kuti sinatumize, ndipo netiweki ikabwerera imatumizanso. Ngati seva ilibe njira yozindikira kuti lisitili inaliona kale, imalisunganso.

Mukhoza kusiyanitsa ziwirizi musanalembe. Yang'anani pa foni ya kalaliki. Ngati pamenepo malisiti alinso awiri, a manambala otsatizana ndi nthawi yosiyana ndi sekondi imodzi kapena ziwiri, kayikirani kudina kawiri. Ngati pa foni lisiti ndi limodzi koma mu ofesi ndi awiri, kayikirani kutumizanso. Kenako yesani kulichititsa dala ndi dzina loyesera lija: sungani lisiti, dinani Sync, batani lotumizira malisiti ku seva, ndipo kachizindikiro kodikira kakangoyamba kuzungulira yatsani Airplane mode, imene pa mafoni ena imalembedwa Flight mode. Dikirani masekondi 30, muzimitse, mudinenso Sync, kenako muwerenge malisiti mu ofesi. Sizidzachitika nthawi zonse, chifukwa netiweki iyenera kuduka m'kamphindi kapakati pa kulandira kwa seva ndi kubwera kwa yankho. N'chifukwa chake mumabwereza nthawi 10 kapena 20 n'kumalemba zotsatira za ulendo uliwonse. Kulemba kuti "zachitika nthawi 3 mwa 10" kumamuuza katswiri kuti asagonje atayesa kawiri. Mawu akuti "nthawi zina" samuuza chilichonse.

Ngati mwalephera kulichititsa, lembanibe lipoti, koma nenani poyera kuti mwayesa kangati osaliona, ndipo perekani zimene zingamuthandize kulipeza m'kaundula wa seva: tsiku, ola ndi mphindi, dzina la akaunti, nambala ya lisiti, netiweki imene foni inali nayo, Airtel kapena TNM kapena Wi-Fi, ndi malo amene munali. Pa nthawi samalani. Makaundula a maseva ambiri amalemba nthawi ya UTC, imene mayiko onse amayerekezerapo nthawi zawo, pamene nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola 2. Chimene chachitika 14:20 ku Salima chimaoneka pa 12:20 m'kaundula wotero. Mukalemba kuti "14:20 nthawi ya ku Malawi" mwamupulumutsa katswiri kuti asafufuze ola lolakwika. Mawu akuti "masana" kapena "dzulo" sakwanira, chifukwa m'ola limodzi seva imalemba mizere yochuluka kwambiri.

Chinthu chimodzi musachite vuto likangooneka: musachotse pulogalamu n'kuiikanso, ndipo musadine Clear data, imene pa mafoni ena imalembedwa Clear storage. Ili ndi langizo limene anthu amapatsana msanga, koma pa pulogalamu yosunga zinthu pa foni pamene kulibe intaneti limafufuta malisiti onse amene sanatumizidwe, pamodzi ndi umboni umene katswiri akanaufuna. Clear cache ndi ina, imangochotsa mafayilo ongoyembekezera, koma mabatani awiriwa amakhala moyandikana ndipo chala chimaphonya. Dikirani akatswiri anene okha, ndipo muyambe mwatsimikiza kuti palibe lisiti lodikira kutumizidwa.

Zithunzi, ndi zimene siziyenera kutuluka

Chithunzi cha sikirini chimathandiza, koma sichilowa m'malo mwa mawu, chifukwa chimaonetsa pothera osati njira. Pa mafoni ambiri a Android mumachijambula podina batani lozimitsira ndi lochepetsera mawu nthawi imodzi. Jambulani sikirini yonse kuti mabokosi onse ndi nthawi ya pamwamba zioneke. Kuyambira pa Android 11 foni imabwera ndi chojambulira kanema wa sikirini pa mabatani amene amaoneka mukakokera pansi kuchokera pamwamba, ndipo kanema wa masekondi 20 oyambira pa mzere woyamba wa zochita ndi wabwino kwambiri pa vuto la kuuma kapena kutsekeka. Wautali kuposa pamenepo umangodya bandulo.

Musanatumize, yang'anani chimene chili m'chithunzicho. Mayina a alimi, manambala awo a foni, manambala a ziphaso za unzika ndi ndalama zimene alandira siziyenera kuyenda m'magulu a WhatsApp. Jambulani ndi dzina loyesera, kapena phimbani malo amenewo. Nambala ya lisiti ndi yokwanira kuti katswiri apeze zotsalazo yekha. Mawu achinsinsi olowera mu akaunti musawalembe m'lipoti ngakhale pang'ono. Pulogalamu ikamatsekeka yokha, akatswiri angapemphe fayilo ya m'kati mwa foni. Imapezeka mukadina Build number nthawi 7 kuti mutsegule Developer options, kenako n'kusankha Bug report, imene pa mafoni ena imalembedwa Take bug report. Ijambuleni vuto litangochitika, chifukwa zolembedwa zakale zimafufutika zatsopano zikamalowa. Fayiloyi imakhala ndi zambiri za foni yonse, choncho ipite kwa munthu amene waipempha yekha.

Lipoti limodzi likhale ndi vuto limodzi. Mukaphatikiza mpatuliro ndi malisiti obwereza, limodzi likakonzedwa lipoti limatsekedwa, linalo n'kuiwalika. Pa kukula kwa vuto, manambala amalankhula kuposa kukuwa. Mawu akuti "mwamsanga" aliyense amalemba, koma "malisiti 7 mwa 46, ndipo alimi timawalipira Lachisanu" amamuthandiza woyang'anira ntchito kusankha choyamba kukonza. Nenaninso zoona ngati muli ndi njira yozembera vutolo, monga kusalemba mpatuliro. Ena amabisa poopa kuti lipoti lawo lichedwa, koma njira imeneyo ndi umboni wina wa pomwe pali vuto, ndipo akatswiri akhoza kuiuza magulu ena tsiku lomwelo.

Likabwereranso, ndi likakonzedwa

Ngati lipoti lolembedwa motere labwererabe ndi Cannot reproduce, musalembe lina latsopano. Yankhani pa lomwelo, ndipo funso likhale lakuti pali kusiyana kotani pakati pa kuyesa kwawo ndi kwanu. Afunseni veshoni imene ayesera, chifukwa akatswiri nthawi zambiri amakhala ndi ina yomwe sinatuluke. Afunseni mtundu wa akaunti, popeza ya woyang'anira imatha kudutsa njira ina yosiyana ndi ya kalaliki. Afunseni ngati ayesera pa foni yeniyeni kapena pa kompyuta, komanso kiyibodi imene agwiritsa ntchito, chifukwa makiyibodi a manambala amasiyana, ndipo ngati yawo ilibe batani la mpatuliro sangathe kulemba 1,200 n'komwe. Zikatero tumizani chithunzi choonetsa kiyibodi yanu ili yotseguka pa bokosi la mtengo, ndipo mutchule dzina lake, kaya ndi Gboard kapena yobwera ndi foni.

Akakuuzani kuti zakonzedwa, funsani nambala ya veshoni imene muli kukonzako, muonetsetse kuti ndi imene ili pa foni iliyonse, osati imodzi yokha. Kenako tsatirani zochita zomwe zija mzere ndi mzere, ndi manambala omwe aja: 1,200, 2,400, 12,500, 1200 ndi 950. Onjezani oyandikana nawo, chifukwa kukonza kwina kumangotseka khomo limodzi. Yesani 1 200 yokhala ndi mpata pakati, yesani 1,200.50, ndipo yesani mpatuliro pa Weight (kg) polemba makilo 1,250, popeza bokosi limenelo mwina limawerengedwa ndi njira yomwe ija. Likapezeka pamenepo, lembani pa lipoti lomwelo ndi manambala amene aoneka.

Kukonza pulogalamu sikukonza malisiti amene anasungidwa kale. Malisiti 7 aja akadali ndi ndalama zolakwika pa seva, ndipo azilowabe m'malipoti a mwezi ndi m'mabuku a msungichuma. Lipoti lisatsekedwe musanagwirizane kuti awakonza ndani. Pemphani akatswiri afufuze m'kaundula malisiti onse amene mtengo wake wa pa kilo uli wochepa modabwitsa, mwachitsanzo wosafika K100, kuyambira tsiku limene mitengo inapitirira K1,000, chifukwa mwina alipo ena amene palibe anawaona. Mndandanda umenewo uyerekezedwe ndi malisiti a pamanja, ndipo lililonse likakonzedwa palembedwe ndalama yakale, ndalama yatsopano, tsiku ndi amene wavomereza.